Khanda lachita chikasu m'maso: tidikire mchombo ugwe kaye?

"Zikomo anamwino. Ndinabereka mwana wamwamuna Lolemba usiku, ndi mwana wanga woyamba, ndipo anatitulutsa Lachitatu m'mawa ali bwinobwino. Dzulo Lachinayi ndinaona kuti maso ake achita chikasu, lero nkhope nayonso yayamba. Akuyamwa koma akumagona kwambiri. Apongozi anga akuti si matenda, tizingomuwothetsa dzuwa la m'mawa, komanso sitingatuluke naye mchombo usanagwe. Kuchipatala n'kutali, timachita kukwera kabaza. Kodi tidikire?"

Mayi wa ku Ntcheu

Mayi, musadikire. Pitani naye lero, akamuone ndipo ngati n'kotheka akamuyeze magazi. Koma pitani mtima uli m'malo, chifukwa chikasu cha makanda n'chofala kwambiri: mwa ana 10 obadwa masiku okwana, pafupifupi 6 amachita chikasu m'sabata yoyamba, ndipo mwa obadwa masiku osakwana ndi pafupifupi 8 mwa 10. Ambiri mwa iwowa chimatha chokha popanda mankhwala alionse. Apongozi anu sakunama akamati anaonapo ana ambiri amene anachita chikasu n'kukula bwinobwino. Vuto ndi lakuti pakati pa ana ambiriwo pamakhala ochepa amene chikasu chawo chimakwera mpaka kuwononga ubongo, ndipo pa tsiku lachitatu kapena lachinayi ana a magulu awiriwa amaoneka mofanana. Ine ndagwira ntchito zaka zambiri mu nasale ya makanda, koma mpaka lero sindikhulupirira maso anga okha pa nkhani imeneyi.

Chikasucho chimachokera m'magazi. Mwana ali m'mimba amakhala ndi maselo ofiira a magazi ochuluka kuposa amene angafunike akayamba kupuma yekha, ndipo maselowa sakhalitsa. A munthu wamkulu amakhala masiku pafupifupi 120, pamene a khanda amatha pakati pa masiku 70 ndi 90. Maselo akalewa akamaphwanyika amasiya utoto wachikasu wotchedwa bilirubini. Ntchito yochotsa utotowu ndi ya chiwindi, chimene chimausintha n'kuutumiza m'matumbo pamodzi ndi ndulu kuti utuluke ndi chimbudzi. Mwana ali m'mimba ntchitoyi chimamugwirira ndi chiwindi cha mayi. Akangobadwa, chiwindi chake chimakhala ngati chigayo choti changoyamba kumene kugwira ntchito, koma pakhomo pafika kale matumba ambirimbiri. Zimene chalephera kumaliza zimatsalira m'magazi n'kuonekera pakhungu ndi m'maso.

Chikasu cha mtundu wamba chili ndi nthawi yake. Chimayamba kuoneka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, kenako n'kumazilala, ndipo mwana akamakwanitsa masabata awiri chimakhala chatha. Kwa mwana wobadwa masiku osakwana chimachedwako kufika pachimake ndipo chimachedwanso kutha. Mukaonetsetsa masiku amenewa muona pamene pagona vuto kwathu kuno. Mayi wobereka bwino amatulutsidwa pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, chikasu chisanayambe. Chikamakwera, mwana amakhala ali kunyumba, m'chikuta, wokutidwa ndi nsalu zingapo, chipewa kumutu, masokosi kumapazi, m'chipinda chimene mwina zenera lake n'laling'ono. N'chifukwa chake timapempha kuti khanda lionedwenso ndi azaumoyo pa tsiku lachitatu, osayembekeza sabata kapena sikelo ya masabata 6. Mwana wanu tsopano ali m'masiku enieni amene utotowu umakwera.

Pakhungu lakuda chikasu chimabisala, ndiye pamafunika kudziwa koyang'ana. Mutengereni mwana pafupi ndi khomo kapena zenera masana, pamene pali kuwala kwa kunja. Nyali ya magetsi, kandulo kapena tochi ya foni zimanamiza. Muvuleni zovala kwa kanthawi kochepa. Yang'anani koyera kwa maso, kenako mutsegule milomo muone nkhama ndi kunsi kwa lilime. Mukatero dinikizani pang'ono ndi chala pansonga pa mphuno kapena pamphumi, n'kuchotsa chalacho msanga. Pamalo pamene mwadinikizapo magazi amathawa kwa kamphindi, ndipo mtundu weniweni umaoneka: ngati payera basi, zili bwino, ngati pakuoneka chikasu, ndiye chikasu chafika pamenepo. Chitani chimodzimodzi pachifuwa, pamimba, pantchafu, pamiyendo, ndipo pomaliza m'manja ndi kunsi kwa mapazi.

Ndandanda umenewu uli ndi chifukwa. Chikasu cha khanda chimayambira kumutu n'kumatsika, ndipo chikamatsika kwambiri ndiye kuti utoto m'magazi ukuchuluka. Cha kumaso kokha nthawi zambiri chimakhala chochepa. Chikadutsa pamchombo n'kufika m'miyendo, chakwera ndithu. Chikafika m'zikhatho za manja ndi kunsi kwa mapazi, imeneyo ndi ngozi pa tsiku lililonse la moyo wa khanda, ndipo mwana woteroyo sagona kunyumba ngakhale kutakhala kuti kwada kale. Komabe ndikuchenjezeni: kuyang'anaku kumathandiza kudziwa kuti muthamange, koma sikungakutsimikizireni kuti mukhale. Ndaonapo ana amene m'maso ankaoneka achikasu pang'ono chabe, koma magazi atayezedwa n'kupezeka kuti akufunika chithandizo tsiku lomwelo.

M'kalata yanu mawu amene andiimitsa ndi akuti akumagona kwambiri. Khanda lililonse limagona nthawi yaitali, zimenezo n'zachibadwa. Funso ndi lakuti: kodi amadzuka yekha kufuna bere? Mukamudzutsa, amatsegula maso n'kugwira bere mwamphamvu, kapena amangoyamwa kawiri katatu n'kugonanso bere lili m'kamwa? Mwana wa masiku anayi ayenera kuyamwa maulendo 8 mpaka 12 pa usana ndi usiku, ndipo muzimva akumeza. Pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu azinyowetsa matewera pafupifupi 6 pa tsiku, mkodzo wake woyera kapena wotuwa pang'ono. Chimbudzi chakuda chonanda chija cha masiku oyamba chizikhala chitasintha, kudutsa chobiriwira n'kufika chachikasu chofewa. Ngati pa tsiku lachinayi akutulutsabe chakuda, kapena thewera likukhala louma theka la tsiku, ndiye kuti mkaka ukulowa wochepa.

Zimenezi n'zolumikizana kwambiri ndi chikasu. Utoto uja umatuluka ndi chimbudzi. Mwana akamayamwa pang'ono, chimbudzi chimachedwa m'matumbo, ndipo utoto umene chiwindi chinataya kale umayamwidwanso kubwerera m'magazi. Utoto ukachuluka mwana amafooka n'kumagona, akagona sayamwa, akapanda kuyamwa utoto umakweranso. Amayi a mwana woyamba ndi amene zimawachitikira kawirikawiri, chifukwa mkaka umachedwako kubwera ndipo kuika mwana kubere amakhala asanakuzolowere. Pakhomo anthu amayamikira kuti mwanayu ndi wofatsa, salira, pamene mwana akufooka.

Choncho kuyambira panopa, ngakhale muli m'njira, musalole kuti apitirire maola atatu osayamwa, ndipo masana yesetsani maola awiri alionse. Akakhala mtulo, muvuleni zofunda, mumuike pachifuwa panu khungu kukhungu, musisiteni kunsi kwa mapazi kapena kumsana, mufinyire timadontho ta mkaka pamilomo. Poyamwa, kamwa likhale lotsegula kwambiri, mlomo wam'munsi utapindikira kunja, chibwano chitakhudza bere, ndipo mbali yaikulu yakuda ya bere ikhale m'kamwa, osati nsonga yokha. Akalephera kukoka, finyirani mkaka m'kapu yotsukidwa bwino n'kumumwetsa pang'onopang'ono. Koma mwana amene wafika polephera kuyamwa ndi wofunika kuchipatala, kumwetsa ndi kapuko n'kongomuthandiza panjira.

Musamupatse madzi, madzi a shuga, kapena mankhwala azitsamba oti atsuke m'mimba. Madzi sachotsa utotowu, chifukwa mtundu umene umavutawu sutuluka ndi mkodzo. Amangodzaza kamimba ka mwana n'kumuchititsa kuti ayamwe pang'ono. Ndipo ngati wina akuuzani kuti mkaka woyamba uja, wokhuthala wachikasu, ndi umene wamupatsa chikasu, dziwani kuti si zoona. Mkaka umenewo ndi umene umathandiza kutulutsa chimbudzi chakuda msanga. Zimene munadya muli woyembekezera, kaya mango, mapapaya kapena maungu, sizinabweretsenso vutoli.

Tsopano ndikuuzeni chimene timaopa, osabisa. Utoto ukachuluka kwambiri umadutsa kuchoka m'magazi kulowa muubongo, makamaka m'zigawo zimene zimayendetsa kumva ndi kayendedwe ka thupi. Poyamba mwana amangogona, thupi lili lende, kuyamwa kuli kofooka. Zikapitirira amalira mokuwa ndi mawu osongoka achilendo, thupi limauma, khosi ndi msana zimapindikira kumbuyo, amatha kutentha thupi, kukomoka kapena kusiya kupuma kwa kanthawi. Pa chiyambi pomwe, mwana akalandira chithandizo mwachangu amatha kupulumuka bwino. Akafika popindika msana, ena amamwalira, ndipo ambiri mwa opulumuka amatsala ndi ulumali wa moyo wonse: kusamva, kulephera kukhala kapena kuyenda, manja ndi miyendo kumangopotokola zokha. Kuchoka pa kugona kwambiri kufika pa kupindika msana sipatenga masabata, nthawi zina ndi tsiku limodzi lokha. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ulumali umenewu ndi wopeweka, ndipo chithandizo chake nthawi zambiri ndi kuwala chabe.

Pali ana ena amene chikasu chawo si chamba chija, ndipo ndikufuna muganizire ngati wanu ali m'gulu limeneli. Lamulo loyamba limene mzamba aliyense amalidziwa ndi ili: chikasu chooneka mwana asanakwanitse maola 24 sichikhala chachibadwa. Nthawi zambiri chimatanthauza kuti maselo a magazi akuphwanyika mothamanga, ndipo chimafuna chithandizo pompopompo. Kawirikawiri chimabwera chifukwa cha kusiyana kwa magulu a magazi. Mayi wa gulu O akabereka mwana wa gulu A kapena B, chitetezo cha m'thupi mwa mayi chimatha kudutsa m'nsengwa n'kumaphwanya maselo a mwana, ndipo izi zimatheka ngakhale pa mimba yoyamba. Kusiyana kwina ndi kwa Rh, pamene mayi alibe chizindikiro chimenechi m'magazi mwake koma mwana ali nacho. Kumeneku n'kosowa pakati pathu, koma kukachitika kumakhala koopsa, makamaka kuyambira mimba yachiwiri, ndipo pali jakisoni amene mayi wotero amabayidwa pasanathe maola 72 atabereka kuti ateteze ana otsatira. Tsegulani buku lanu la kusikelo muone ngati analembamo gulu la magazi anu.

Poti mwana wanu ndi wamwamuna, nditchulenso vuto lobadwa nalo lotchedwa kuperewera kwa G6PD, chinthu chimene chimateteza maselo ofiira a magazi. Limapezeka kwambiri m'mayiko a malungo ngati lathu, ndipo limagwira anyamata kuposa atsikana. Maselo ofiira a mwana wotero sachedwa kuphwanyika, ndipo chikasu chake chimatha kukwera modzidzimutsa pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu, mwana amene dzulo lake anali bwino. Chinthu chimodzi chimene chimayambitsa kuphwanyikaku chili m'masutikesi mwathu: timibulu toyera tonunkha tija toika m'zovala kuti njenjete ndi mphemvu zisalowe. Ngati zovala, mashawelo kapena zofunda za mwana zinasungidwa ndi timibulu timeneti, zichotseni pathupi pake, muzichape bwino ndi kuziyanika padzuwa, ndipo timibuluto tisakhalenso m'chipinda chogona mwana. Musamupatsenso mankhwala ogula pagolosale monga bakitilimu, amene kwa khanda la masiku ochepa amawonjezera ngozi ya chikasu. Koma mankhwala amene munapatsidwa kuchipatala, monga oteteza mwana ku HIV, musasiye nokha. Atengeni mukawaonetse.

Chifukwa china chachikulu kwathu kuno ndi matenda olowa m'magazi, nthawi zambiri kudzera pamchombo. Onani pamchombo ngati pafiira, patupa, pakutuluka mafinya kapena pakununkha. Gwirani thupi la mwana ngati latentha kapena lazizira modabwitsa, chifukwa khanda lodwala limatha kuzizira m'malo motentha. Onani ngati akupuma mothamanga kapena mobuula. Chikasu chikabwera pamodzi ndi chimodzi mwa zimenezi, mwana amafunika jakisoni wa mankhwala opha tizilombo kuwonjezera pa chithandizo cha chikasu. Chindoko chimene mayi sanalandire chithandizo ali woyembekezera chimathanso kupatsa mwana chikasu. Mwana wobadwa masabata 37 asanakwane, wolemera mosakwana makilogalamu awiri ndi theka, kapena amene anabadwa movutikira n'kukhala ndi chotupa cha magazi pamutu, nayenso timamuyang'anira mwapadera.

Za dzuwa, ndikumvetsa kumene malangizowa amachokera, ndipo muli kachoonadi mkati mwake. M'zaka za m'ma 1950, pachipatala china cha ku Rochford ku Mangalande, namwino wina dzina lake Jean Ward anaona kuti makanda amene ankawatulutsa padzuwa chikasu chinkazilala pamalo amene dzuwa lawomba, n'kutsala pamene panaphimbidwa ndi nsalu. Nyali zimene timagwiritsa ntchito lero pochiza chikasu zinayambira pamenepo. Koma kuti kuwala kugwire ntchito, mwana amafunika kukhala wovula pafupifupi thupi lonse kwa maola ambiri, usana ndi usiku. Mphindi 15 kapena 20 za dzuwa la m'mawa, mwana ali wofunda, kumaso kokha kuli pamtunda, sizitsitsa utoto umene wakwera. Mukati mumuvule n'kumusiya nthawi yaitali, m'mawa wozizira wa ku Ntcheu azizidwa, ndipo dzuwa likakwera apsa khungu, atentha thupi ndi kutha madzi m'thupi. Choipa kwambiri n'chakuti banja limaona ngati likuchitapo kanthu, masiku awiri atatu n'kudutsa, amene ndi masiku omwe aja utoto umafika pachimake.

Mukafika kuchipatala nenani msanga kuti muli ndi khanda la masiku anayi lachikasu limene likugona kwambiri, musakhale chete pamzere. Adzakufunsani tsiku ndi ola limene anabadwa, chifukwa kuchuluka kwa utoto timakuyerekeza ndi msinkhu wa mwana m'maola. Adzamuyeza kulemera ndi kutentha kwa thupi. Kutsika sikelo pang'ono m'masiku oyamba n'kwachibadwa, koma kutaya koposa gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kumene anabadwa nako kumasonyeza kuti sakuyamwa mokwanira. Utotowo amayeza ndi kachipangizo kogunditsa pamphumi kapena pachifuwa, kapena potenga timagazi pachidendene. Papepala mudzaona nambala yotsatana ndi mg/dL kapena µmol/L. Kwa mwana wobadwa masiku okwana amene alibe vuto lina, malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse amati ayambe kugonekedwa pansi pa nyali nambala ikafika 15 mg/dL pa tsiku lachiwiri, kapena 18 mg/dL kuyambira tsiku lachitatu. Kwa wobadwa masiku osakwana kapena wodwala timayamba pa nambala yotsikirapo. Pachipatala chaching'ono pamene palibe choyezera, amaweruza ndi zizindikiro, ndipo akakayika amakutumizani kuchipatala cha boma. Akakutumizani, pitani tsiku lomwelo, musabwerere kaye kunyumba kukakonzeka mawa.

Ndikufotokozereni za mwana wina amene ndinamusamalira, chifukwa nkhani yake ikufanana ndi yanu. Anali wamwamuna, woyamba kubadwa, wolemera makilogalamu 3.0 pobadwa. Anabwera pa tsiku lachisanu atatsika kufika 2.6, kutanthauza kuti anataya koposa gawo limodzi mwa magawo 10 aja. Mawere a mayi ake anali atatupa ndi kuuma moti mwana ankangogwira nsonga, ndipo chimbudzi chinali chidakali chobiriwira chakuda. Chikasu chinali chitafika m'miyendo koma kunsi kwa mapazi kunali kusanasinthe. Ankadzuka akamugwedeza, ndipo thupi silinaume. Magazi anasonyeza 21 mg/dL. Tinamugoneka pansi pa nyali za buluu atangovala thewera, maso titaphimba ndi kansalu kofewa. Mayi tinawathandiza kufinya mkaka kuti mawere afewe, ndipo maola atatu alionse ankamuyamwitsa n'kuwonjezera mkaka wofinya wa m'kapu. M'mawa mwake nambala inali pa 16, tsiku lotsatira pa 12, ndipo tinazimitsa nyali. Tinamuyezanso patapita tsiku, chifukwa utoto umatha kukweranso pang'ono nyali zikazimitsidwa, ndipo anatuluka akuyamwa mwamphamvu. Akanachedwa tsiku limodzi kapena awiri osayamwa chonchija, nambalayo ikanatha kudutsa 25, pamene timayamba kukamba zosintha magazi a mwana pang'onopang'ono kudzera mumtsempha wa pamchombo, ntchito imene imachitikira m'zipatala zikuluzikulu zokha monga Queen Elizabeth ku Blantyre.

Amayi ambiri amaopa nyalizi poganiza kuti ziwotcha mwana kapena kumuchititsa khungu. Si nyali zotenthetsa. Kuwala kwake kumalowa pakhungu n'kusintha utoto uja kukhala mtundu umene thupi lingathe kutaya mosavuta m'chimbudzi ndi mumkodzo popanda kudikira chiwindi. Maso timaphimba pofuna kuwateteza, ndipo ntchito yanu idzakhala kuonetsetsa kuti kansaluko sikanatsetsereke n'kutseka mphuno. Mwana amatha kuchita chimbudzi chamadzimadzi chobiriwira kapena totupa ting'onoting'ono pakhungu, zimene zimatha nyali zikazimitsidwa. Musamudzoze mafuta ali pansi pa nyali, ndipo musamufunditse chifukwa chomumvera chisoni kuti ali maliseche, poti khungu lophimbidwa sililandira chithandizo. Akamaliza kuyamwa, mubwezereni pansi pa nyali msanga. Ambiri amakhalapo tsiku limodzi mpaka atatu.

Nkhani ya chikuta ndi yofunika kuigwira mwaulemu. Mwambo wosunga khanda m'nyumba mchombo usanagwe unkateteza mwana ku mphepo ndi ku manja a anthu ambiri, ndipo apongozi anu akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo. Koma mchombo umagwa pakati pa tsiku lachisanu ndi masabata awiri, ndipo chikasu sichidikira zimenezo. Musakangane nawo nokha muli ndi mabala a uchembere. Auzeni bambo a mwana kuti alankhule ndi mayi awo, kapena itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzaone mwana ndi kunena yekha. Apempheni agogowo kuti akuperekezeni. Nthawi zambiri gogo amene waona yekha nambala ikutsika pansi pa nyali ndi amene amadzatumiza ana a ena kuchipatala msanga. Pakabaza, muikeni mwana pachifuwa panu mkati mwa zovala, khungu kukhungu, chipewa kumutu, mutamumanga bwino ndi nsalu koma mphuno ili poyera. Tengani buku lanu ndi la mwana, matewera ndi zovala za masiku angapo, mwina angakugonekeni.

Akakuuzani kuti nambala ndi yotsika n'kukubwezani, funsani tsiku loti mubwerenso, chifukwa kuyeza kamodzi pa tsiku lachinayi sikutseka nkhani. Kunyumba muzimuyang'ana pa kuwala kwa masana m'mawa ndi madzulo. Chikasu chikatsikira kumimba ndi kumiyendo, akayamba kukana bere, akavuta kudzutsa, akalira modabwitsa, akauma khosi, akatentha kapena kuzizira, bwererani nthawi yomweyo, kaya ndi Loweruka kaya ndi pakati pa usiku. Musadikire tsiku limene analemba m'buku.

Pali tsiku linanso loti mulisunge: tsiku la 14, kapena la 21 kwa mwana wobadwa masiku osakwana. Chikasu chikakhalapobe pamenepo, mwana aonedwenso ngakhale akuoneka wathanzi. Nthawi zambiri chimakhala chikasu chochepa chokhudzana ndi mkaka wa m'mawere, chimene chimatha kukhala mpaka miyezi iwiri kapena itatu mwa mwana wonenepa bwino, ndipo si chifukwa chosiyira kuyamwitsa. Koma chimatha kukhalanso chizindikiro cha matenda a m'njira ya mkodzo, kuperewera kwa mphamvu ya chithokomiro, kapena kutsekeka kwa njira za ndulu. Chomalizachi mungachigwire nokha pathewera. Chimbudzi cha mwana woyamwa chimakhala chachikasu kwambiri kapena chobiriwira, ndipo mkodzo sudetsa nsalu. Ngati chimbudzi chili chotuwa kapena choyererako ngati dothi lotumbuluka, ndipo mkodzo uli wachikasu chakuda wosiya banga pathewera, ndiye kuti ndulu sikufika m'matumbo. Ana otere poyamba amayamwa ndi kunenepa bwino, n'chifukwa chake amachedwa kubwera. Vutoli silichira ndi nyali, limafuna opaleshoni, ndipo opaleshoniyo imayenda bwino kwambiri ikachitika mwana asanakwanitse miyezi iwiri. Mukaona chimbudzi chotero, tengani thewera lomwelo kapena mulijambule pa kuwala kwa masana, mukawaonetse adokotala, ndipo muwapemphe kuti ayeze mitundu yonse iwiri ya utotowu m'magazi, umene chiwindi chasintha kale ndi umene sichinasinthe.